Ndalumikiza mapanelo mu sirizi maampu atsika ndi theka, chalakwika nchiyani?

Atate a Thoko (Eliya 25): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Akuluakulu ndithandizeni nzeru ndili ndi vuto. Ndili ndi mapanelo awiri a mawati 330 iliyonse, mabatire awiri a 12V 200Ah, inveta ya 24V ndi kontorola ya maampu 30. Chiikireni chaka chatha mapanelo anali mu paralelo ndipo masana kontorola imaonetsa maampu 15 pena 16. Nde Loweruka kunabwera mlamu wanga amadziwako za magetsi, ati mukutaya mphamvu apa, lumikizani mu sirizi mavolti akwere batire izidzadza msanga. Tinakwera padenga tinasintha. Kuyambira tsiku limenelo maampu sakudutsa 8 ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo inveta yayamba kulira cha mma 2 koloko usiku, filiji kuzima. Mayi akunyumba amagulitsa thobwa ndi mafiliza nde mmawa akupeza zonse zasungunuka. Kodi taotcha panelo imodzi?

Mnyamata wa ku Chinsapo: Bwana panelo imodzi yafa imeneyo, masamu ake ngosavuta, 16 kuchotsa theka ndi 8. Mwina munaiponda mmene munali padengapo

Wamagetsi wa ku Kawale: Ayi aise tisathamange kuweruza panelo.  8 ameneyo ndi amene sirizi imapereka basi. Atate a Thoko musanagule kanthu kalikonse ndiuzeni zinthu zitatu. Kumbuyo kwa panelo kuli kachipepala komata, werengani manambala amene alembedwa pa Voc, Vmp, Isc ndi Imp. Chachiwiri kontorola yanu alembapo chani, makamaka pamene akunena mavolti ochuluka omwe ingalandire kuchokera ku mapanelo. Chachitatu waya wochoka padenga kufika pa kontorola ndi wautali bwanji, ndi wa saizi yanji

Atate a Thoko (Eliya 25): Ndinajambula tsiku lomwe tinakweralo. Alemba chonchi

```
Vmp 37.5V   Imp 8.8A
Voc 46V     Isc 9.3A
```

Kontorola ndi yabuluu yaing'ono ija yokhala ndi mabowo awiri otchajira foni, pamwamba alemba MPPT 30A. Kumbali kuli timalemba ting'onoting'ono, ndaunika ndi tochi akuti Max PV 50V. Waya ndi wa 4 mm, mamita 15 chifukwa mapanelo ali pa denga la kitchini kuseri pomwe mabatire ali pabalaza

Wamagetsi wa ku Kawale: Eeh achimwene. Choyamba ndikupempheni, mawa dzuwa lisanatuluke kachotseni waya wa mapanelo pa kontorolayo, kapena chotsani panopa kumene poti kwada. Zina tikambirana koma ichi chokha chitani. Mapanelo anu awiri mu sirizi akapanda kukoka kanthu amafika 46 kuphatikiza 46, mavolti 92, pomwe kabokosi kanuko kakuti malire ake ndi 50. Kuti mpaka lero sikanapse ndi mwayi chabe, mwina poti batire siikudzadza nde nthawi zambiri kakumakhala kolumikiza. Kakapsa pena kamangofa, koma pena kamapsa kali kotsegula njira nkumathira moto mu batire osaleka, mabatire kuyamba kuwira nkutupa. Ndinaziwonapo ku Biwi, mabatire awiri kutupa ngati mabanzi, fungo la dzira lowola nyumba yonse

Atate a Thoko (Eliya 25): Ndachotsa bwana, zikomo. Koma ndifotokozereni, mlamu anati sirizi imaonjezera mphamvu. Ananama?

Wamagetsi wa ku Kawale: Sananame zonse ayi, anangonena theka. Sirizi ndi pamene mwatenga pulasi ya panelo yoyamba kulowetsa pa mainasi ya yachiwiri, nkutsala ndi mawaya awiri akumapeto otsikira pansi. Pamenepo mavolti amaphatikizana koma maampu amakhala a panelo imodzi, chifukwa njira ndi imodzi yomweyo, chodutsa mu panelo yoyamba ndi chomwecho chidutse mu yachiwiri. Nde inu muli ndi 37.5 kawiri, mavolti 75, maampu 8.8. Paralelo ndi mmene zinalili kale, mapulasi pamodzi mamainasi pamodzi, apo mavolti amakhala 37.5 omwewo koma maampu ndi amene amaphatikizana, 17.6. Tsopano chulukitsani muone. 75 kuchulukitsa ndi 8.8 ndi mawati 660. 37.5 kuchulukitsa ndi 17.6 ndi 660 yemweyo. Padenga palibe chimene chaonjezereka kapena kuchepa. Nkhani yagona pa kontorola, kuti mawati 660 amenewo ikutha kuwalandira mmaonekedwe ati

Mai a Chisomo: Pepani ndilowelere, ine za magetsi sindidziwa kwenikweni koma ndili ndi sola kunyumba ku Eliya 49 nde ndimatsatira. Ngati mawati ali chimodzimodzi nanga bwanji kwa abambowa atsika? Akupita kuti enawo?

Wamagetsi wa ku Kawale: Funso labwino mayi. Makontorola alipo mitundu iwiri. Ya PWM ili ngati switchi chabe, imangolumikiza mapanelo ku batire mwachindunji nkumadula dula batire ikayandikira kudzadza. Nde panelo ikalumikizidwa ku batire imakakamizidwa kutsika kufika pa mavolti a batireyo. Batire ya Atate a Thoko potchaja imakhala pa 27 kapena 28. Panelo ikatsitsidwa chonchi maampu ake sakwera kwenikweni, amangokhala cha pa 9 pomwepo. Nde mu paralelo amapeza maampu 16 pa mavolti 27, mawati pafupifupi 430. Mu sirizi mavolti 75 aja atsitsidwa kufika pa 27 yemweyo koma maampu ndi 8 okha, mawati 216. Enawo sakupita kulikonse, sakukololedwa nkomwe, atsalira padenga. Ya MPPT yeniyeni ndi ina, imasiya mapanelo agwire ntchito pa mavolti awo 70 ndi kanthu, iyo nkusandutsa mavolti otsalawo kukhala maampu. Kulowa maampu 8 kutuluka pafupifupi 20 kupita ku batire. Mlamu wawo amaganiza za imeneyi

Mnyamata wa ku Chinsapo: Koma akuti yawo yalembedwa MPPT tu bigi

Wamagetsi wa ku Kawale: Kulemba aliyense amalemba aise. Tibokosi tabuluu topepuka ngati paketi ya bisiketi tija tambiri ndi PWM, angomatapo dzina. Yeniyeni imalemera, mkati muli chikoyilo chachikulu cha kopa ndipo kumbuyo kuli zitsulo zotulutsa kutentha, komanso mtengo wake sungafanane. Ndipo manambala a bwanawa anena kale, ikanakhala yeniyeni maampu sakanagwa ndi theka ndendende

Madala a ku Likuni: Ana anga ine ndangolowa pano koma ndaona nkhani ya sirizi. Ine ndinachita zimenezo kalekale ndipo palibe vuto. Mabatire anga awiri a 100 ndinalumikiza sirizi ndipo akugwira bwino bwino chaka chachitatu chino. Abambo a ku 25 musaope, vuto lanu mwina madzi a mu batire, muthiremo madzi ake enieni aja osati a pampopi

Mai a Chisomo: Madala akukamba za mapanelo padenga osati mabatire

Madala a ku Likuni: Oo pepani. Nanga sizimodzi?

Wamagetsi wa ku Kawale: Lamulo lake ndi limodzi madala, simunasochere kwambiri. Mabatire anu awiri a 12V 100Ah mu sirizi akupanga 24V koma akadali 100Ah. A Atate a Thoko nawonso ali mu sirizi ndipo asawakhudze, inveta yawo imafuna 24V. Kungoti mbali ya mabatire ndi ina, mbali ya mapanelo ndi ina, pakati pali kontorola. Za madzi mwanena zoona koma lero si vuto limenelo

Ankolo a ku Eliya 36: Ine maganizo anga sirizi ndi yoipa basi, sindiilola pakhomo panga. Paralelo ndiye yabwino nthawi zonse chifukwa chimodzi siigwira munthu, chachiwiri kukabwera mthunzi pa panelo imodzi inayo imapitiriza. Mu sirizi tsamba limodzi la mango likagwera pa panelo imodzi zonse zimazima ngati timagetsi ta Khirisimasi. Ndinayesa ine ndi mapanelo anga a 100, ndinaphimba imodzi ndi katoni maampu anagwa mpaka pansi

Wamagetsi wa ku Kawale: Ankolo pa za kugwira munthu ndikugwirizana nanu, mavolti 40 ndi 90 ndi zosiyana, ndipo amene ali ndi mainveta akuluakulu a 48V aja omwe amafuna mapanelo ambiri mu sirizi amakhala ndi mavolti 300 kapena kuposa padenga, amenewo amapha ndithu. Koma kunena kuti paralelo ndi yabwino nthawi zonse ayi. Tiyeni titenge waya wa bwanawa. Mamita 15 kupita ndi 15 kubwerera, ndi mamita 30 a waya wa 4 mm. Ngati ndi kopa weniweni amenewo ndi maomu pafupifupi 0.13. Mu paralelo pa maampu 17.6 mavolti otayika mu waya ndi 2.3, ndipo mawati opita ku kutenthetsa waya ndi 40. Mu sirizi pa maampu 8.8 otayika ndi 1.15 ndipo mawati ndi 10 okha. Mwaona? Maampu kuchepa ndi theka koma zotayika kuchepa kanayi. Nchifukwa chake amene ali ndi MPPT yeniyeni timawalumikizira sirizi, waya woonda amakwana ndipo satentha. Komanso mmawa ndi tsiku la mitambo kontorola imayamba msanga poti mavolti amakhala atadutsa kale a batire

Ankolo a ku Eliya 36: Za waya ndamva, nanga mthunzi? Poti ndinaona ndi maso anga

Wamagetsi wa ku Kawale: Munaonadi, sindikukana. Koma kontorola yanu ndi iti ndipo batire ndi ya mavolti angati?

Ankolo a ku Eliya 36: Wamba yomweyi, nthawi imeneyo ndinali pa 24V ndi mapanelo awiri a 18V mu sirizi

Wamagetsi wa ku Kawale: Nde ndi chimenecho. Mutaphimba imodzi munatsala ndi 18V ya inayo, yomwe siingakankhe batire ya 24V, nde zonse ziii. Panelo ngati ya Atate a Thoko ili ndi timadayodi titatu mu kabokosi kakuda ka kumbuyo kaja, kalikonse kamayang'anira gawo limodzi mwa magawo atatu a panelo. Mthunzi ukagwera gawo limodzi moto umalambalala gawolo kudzera pa dayodi. Nde mu sirizi mmalo mwa 75 mutsala ndi 62 kapena 63, maampu omwewo, ndipo MPPT yabwino ipitiriza. Pomwe mu paralelo panelo yamthunziyo ikalambalala gawo limodzi itsala ndi mavolti 25, osakwana kukankha batire ya 27, nde imangopereka tochepa tomwe gawo lamthunzilo likulola. Inayo ndiye imapitiriza yokha. Apa sirizi yapambana

Ankolo a ku Eliya 36: Mwati MPPT yabwino. Nanga zili mmasitolo athu muno zonse nzabwino? Mnzanga ku Mchesi ali nayo yeniyeni yolemera koma mthunzi wa thanki ukangofika mawati amagwa kwambiri osati pang'ono ngati mukunenera

Wamagetsi wa ku Kawale: Pamenepo sinditsutsa. Zilipo zina mthunzi ukabwera zimakakamira pamalo olakwika osafufuzanso. Komanso zimatengera mthunziwo wagwa chotani, ukadula chopingasa mzere wapansi wonse umakhudza magawo onse atatu nthawi imodzi. Nde inde pali madenga ena pomwe nanenso ndimasankha paralelo, makamaka panelo ina ikayang'ana kummawa ina kumadzulo. Chomwe ndikukana ndi mawu akuti nthawi zonse

Ankolo a ku Eliya 36: Ine ndikhalabe pa paralelo wanga, mango wanga sindidula

Mai a Chisomo: Poti mwafika pamenepa ndifunseko zanga. Ndili ndi panelo imodzi yaikulu ya 330 ngati ya abambowa, ndi ina yaing'ono ya 100 yomwe ndinayambira nayo, ili kuchipinda ikungokhala. Mwana wanga akuti tiilumikize kuti zikhale 430. Alemba 18V ndi 5.5A. Tiike sirizi kapena paralelo?

Mnyamata wa ku Chinsapo: Sirizi mayi, mavolti aphatikizane

Wamagetsi wa ku Kawale: Ayi mayi musatero, njira zonse ziwiri muluza. Mu sirizi yaing'onoyo ndi imene imalamula maampu, ngati paipi yaikulu yomwe mwailumikiza ndi kapaipi kakang'ono, madzi odutsa ndi a kakang'onoko. Mavolti akhala 37.5 kuphatikiza 18, ndi 55.5, kuchulukitsa ndi 5.5 ndi mawati 305. Mwaona kuti ndi ochepa kuposa 330 yomwe yaikuluyo imapereka payokha? Mu paralelo ndiye zoipa kwambiri, yaing'onoyo mavolti ake onse sapitirira 22, nde idzakokera yaikuluyo pansi ndipo moto wa yaikulu ukhoza kumabwerera kulowa mwa yaing'ono nkuitenthetsa. Kuti muphatikize mu sirizi maampu afanane, kuti muphatikize mu paralelo mavolti afanane. Yanuyo igulireni kakontorola kake ka maampu 10 ndi kabatire ka 12V izikuunikirani panja ndi kutchaja mafoni

Mai a Chisomo: Zikomo bambo, bola ndafunsa, Loweruka amafuna akwere

Atate a Thoko (Eliya 25): Nde bwana ine ndichite chani mawa? Ndibwezere paralelo kapena ndikagule MPPT yeniyeniyo? Ndalama panopa ndi yovuta, sukulu fizi ili pakhomo

Wamagetsi wa ku Kawale: Bwezerani paralelo, sizilira ndalama. Pa PWM ndi batire ya 24V mapanelo anuwo ndi oyenera ndithu, anapangidwira zimenezo. Isc, maampu ochuluka omwe panelo ingatulutse, ya awiri ndi 18.6, mukaonjezerapo kota yake ya chitetezo ndi 23, kontorola ndi ya 30, muli bwino. Kachitidwe kake, kwerani mmamawa dzuwa lisanakwere kapena phimbani mapanelo ndi bulangete, ndipo musazule mapulagi a MC4 aja moto ukudutsa, amathetheka nkupsa mkati. Poti waya mwachotsa kale pa kontorola muli bwino, koma nsonga zake muzikulunge ndi tepi zisakhudzane. Mubwezere timafoloko tanu tija, mapulasi awiri pa kamodzi mamainasi awiri pa kena. Mukatsika musalumikize kaye. Ikani mita pa mavolti a DC muyeze mawaya awiriwo dzuwa litatuluka. Mukaona 41 mpaka 45 ndiye kuti muli mu paralelo. Mukaona 80 ndi kanthu mukadali mu sirizi. Mita ikaonetsa kamzere ka mainasi kutsogolo ndiye kuti mawaya mwawatembenuza. Batire ikhale yolumikizidwa kale ku kontorola, mapanelo amabwera pomaliza nthawi zonse

Mnyamata wa ku Chinsapo: Ayezenso maampu ndi mita kuti aone ngati panelo siinafe

Wamagetsi wa ku Kawale: Osati onse awiri pamodzi aise, mamita athu ambiri malire ndi 10A, awiriwo ndi 18 nde fyuzi ya mita ipsa kapena timawaya take tisungunuka. Ngakhale imodzi 9.3 ili pamalire penipeni. Angoona pa kontorola masana, iwauza

Atate a Thoko (Eliya 25): Mwadzuka bwanji nonse. Ndakwera 5 koloko ndi mwana wanga wamkulu, tabwezera. Cha mma 7 ndayeza yaonetsa 44.2 ndalumikiza. Panopa ndi 11:40 kontorola ikuti 15.6A, batire 27.1V. Mtima wakhala pansi abale. Mayi a Thoko ayamba kale kuphika thobwa

Mnyamata wa ku Chinsapo: Nde panelo ndi yamoyo eti, ndinalakwitsa bwana

Wamagetsi wa ku Kawale: Zili bwino achimwene. Tsopano poti mita muli nayo mmanja tachitani ichi kuti nkhani ya kontorola ithe. Panopa ikutchaja, yezani mavolti pa timasikuluwu tomwe pakulowa mawaya a mapanelo, kenako yezani pomwe pakutuluka a batire

Atate a Thoko (Eliya 25): Pa mapanelo 27.6, pa batire 27.1

Wamagetsi wa ku Kawale: Basi ndi PWM imeneyo, palibenso kukaika. Ikanakhala MPPT pa mapanelo mukanaona 32 kapena 34 ndipo maampu a ku batire akanaposa a ku mapanelo. Aliyense pagulu pano amene akukaikira yake ayeze chomwechi, koma ayeze batire isanadzadze, cha mmawa mpaka masana. China, mabatire anuwo atha masiku angapo osadzadza ndipo mumawakama mpaka inveta kulira, amenewo avulala pang'ono. Ngati nkotheka masiku awiri atatu filiji muziizimitsa usiku kapena muiike ku magetsi akakhalapo, mabatire afike pa 28.8 akhalepo maola angapo. Muyang'anenso kontorolayo sabata ino, mukaona batire ikupitirira 29.5 mpaka 30 osaima ndiye kuti mavolti 92 aja anaiononga mkati, muichotse msanga

Madala a ku Likuni: Ndi madzi aja muonenso mwana wanga, ngati ali otsegula pamwamba

Atate a Thoko (Eliya 25): Ndiona madala zikomo. Funso lina bwana wa ku Kawale. Ndikadzapeza ndalama MPPT yeniyeni idzandionjezera zingati? Komanso ndimafuna kudzaonjezera panelo yachitatu

Wamagetsi wa ku Kawale: Ndisakunamizeni kuti idzachulukitsa kawiri. Mapanelo akatentha padenga lamalata sapereka 660, muyembekezere 520 mpaka 540 masana abwino. Kugawa ndi 27 ndi maampu 19 kapena 20, pomwe lero muli pa 15.6. Nde phindu ndi maampu 4 pafupifupi, kuphatikiza kuyamba msanga mmawa. Pomwe mudzaione kwambiri ntchito yake ndi mu Okutobala. Panelo ikatentha mavolti ake amatsika, 37.5 uja amatha kufika 32, waya wanu wautaliwo nkudyapo 2, mwatsala ndi 30 pomwe batire ikufuna 28.8 kuti idzadze, nde kumapetoko imakwawa. Mu sirizi vuto limenelo kulibe.

Koma pogula muyang'ane nambala ya mavolti osati maampu okha. Zambiri zazing'ono malire ndi 100V. Awiri anu ndi 92, ndipo manambala a pa kachipepala aja anayezedwa pa madigiri 25. Kukazizira mavolti amakwera, pafupifupi 0.3 peresenti pa digiri iliyonse. Mmawa wa mu Juni kapena Julaye kuno kumazizira, titenge madigiri 8, ndi madigiri 17 pansi, 5 peresenti, nde 92 afika 96 kapena 97. Pa 100V mukukwana koma mothina. Yachitatu mu sirizi ndi 138, kukazizira 145, ya 100V ipsa mmawa woyamba. Pafunika ya 150V ndipo nayonso mwaona kuti yatsala pang'ono

Atate a Thoko (Eliya 25): Nanga yachitatuyo ndikangoiika mu paralelo pa kontorola yomweyi?

Wamagetsi wa ku Kawale: Isc ikhala 27.9, ndi kota ija 35, yadutsa 30 ya kontorola, ndipo timakontorola timeneti 30 wakeyo ndimamukaikira kale. Waya wa 4 mm naye adzataya mavolti opitirira 3, mufunika wa 10 mm. Komanso mapanelo akafika atatu mu paralelo iliyonse imafuna fyuzi yake, chifukwa imodzi ikachita shoti mkati ziwiri zinazo zimathira maampu 18 mwa iyo, pomwe ambiri a saizi imeneyi amalola 15 kapena 20 basi, nambala yake ili pa kachipepala komweko. Atatu ndi nambala yovuta. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi MPPT, kenako nkudzagula awiri nthawi imodzi, awiri awiri mu sirizi kenako magulu awiriwo mu paralelo, mavolti 75 maampu 17.6. Koma pamenepo kontorola ikhale ya maampu 50, nde muganiziretu pogula kuti musagule kawiri

Ankolo a ku Eliya 36: Ine ndikuona mosiyana. Ndalama ya MPPT ya 50 imeneyo mutha kugula panelo yachitatu ndi kakontorola kena ka PWM ka 20, kakhale ndi waya wake kupita ku mabatire omwewo. Mwapeza maampu 8 oonjezera osati 4, palibe za mafyuzi a pakati pa mapanelo, ndipo kamodzi kakafa kena kakugwirabe

Wamagetsi wa ku Kawale: Zimenezo zimagwira ankolo, sindinganene kuti nzolakwika, bola makontorola onse awiri muwatchere mavolti ofanana ndipo aliyense akhale ndi fyuzi ku batire. Pa ndalama ya lero mwina mwapambana. Changa nchakuti mamita 15 ena a waya nawo ndi ndalama, ndipo akadzafuna yachinayi abwereranso pomwepa

Mai a Chisomo: Ine ndayeza yanga mmene munanenera, pa panelo 33.8 pa batire 13.6. Ndiye kuti yanga ndi yeniyeni?

Wamagetsi wa ku Kawale: Ngati imatchaja ndi maampu ambiri nthawi imene mumayezayo ndi yeniyeni mayi. Ngati batire inali itadzadza kale muyezenso mawa cha mma 9, chifukwa PWM nayo ikayamba kudula dula mita imaonetsa mavolti okwera. Pa sikirini maampu a ku batire anali angati?

Mai a Chisomo: Sindinaone, ndiona mawa ndisanapite ku ntchito

Atate a Thoko (Eliya 25): Abale ndaonanso china. 3 koloko ino maampu agwa kuchoka 12 kufika 7 mwadzidzidzi kulibe mtambo. Ndatuluka panja ndapeza mthunzi wa thanki ya aneba wagwira kona ya panelo ya kumadzulo, kakona kakang'ono ngati chikhatho

Ankolo a ku Eliya 36: Mwaona, inayo ikupitiriza. Paralelo ameneyo

Wamagetsi wa ku Kawale: Ikupitirizadi ankolo koma kakona ngati chikhatho kawadyera maampu 5. Achimwene denga la kitchinilo malo alipo kummawa kwake? Ngati alipo sunthani panelo imeneyo ipite mbali inayo ya inzake, mwina mita imodzi ndi theka basi. Musanaboole malata mawa muike chizindikiro ndi choko pomwe mthunzi ukufika 3 koloko ndi 4 koloko, ndipo mukumbukire kuti mu Juni dzuwa limapendekera kumpoto nde mthunzi udzasuntha. Thankiyo ili mbali iti kwenikweni?

Atate a Thoko (Eliya 25): Ili kumadzulo chakumpoto pang'ono. Malo alipo koma waya wa paneloyo safika, mawa ndijambula denga lonse ndiponye pano muone